Maliro N'kulirana: Nanga Wowerenga Mbiri Alire Nthawi Yanji?

Maliro n'kulirana. Akuluakulu amatulutsa mawu amenewa podzudzula munthu wodzipatula, uja amati akamva kuti kutsidya kwagwa zovuta, iye n'kunyamula khasu ulendo wa kudimba. Tanthauzo lake n'losabisika. Ukapanda kukagona pa siwa ya mnzako, tsiku lako likadzakwana udzatola wekha nkhuni, udzafuna wekha okumba manda, ndipo moto wa panja udzazima usiku usanafike pakati chifukwa chosowa ousonkhezera.

Koma pa maliro a masiku ano pamakhala munthu mmodzi amene mwambiwu umaoneka ngati sunamuwerengere. Ndi uja amaitanidwa dzuwa lili paliwombo, nyimbo itangotha, woyendetsa mwambo atanena kuti tsopano timve mbiri ya malemu. Amadzuka pakati pa anamfedwa atagwira pepala, n'kukaima pafupi ndi bokosi. Khamu lonselo labwera kudzalira naye, koma kwa mphindi zochepa zikubwerazo iye yekha ndiye akupemphedwa kuti asalire. Akakhala mdzukulu, ndipo m'bokosimo muli agogo amene anamulera, mantha ake sakhala a kuchuluka kwa anthu. Amaopa kuti pakati pa chiganizo mawu amuthawa, khosi litseka, ndipo agogo ake atsikira kumanda mbiri yawo itathera panjira chifukwa cha iye.

Tisanauimbe mlandu mwambiwu, tione momwe makolo ankagawira ntchito pa maliro. Anamfedwa analibe ntchito ina koma kulira. Manda ankakumba ndi ena, madzi ankatunga ndi ena, nsima ankaphika ndi amayi a m'mudzi. Ngakhale mawu ankalankhulidwa ndi anthu oima pataliko ndi ululuwo: mwini mbumba ankafotokoza momwe matenda anayendera, mfumu inkalankhula za mudzi, ndipo mwana wa malemu ankakhala pamphasa ali chete kapena akubuma, popanda womufunsa kanthu. Kulirana kwa makolo sikunali kulira onse nthawi imodzi. Kunali ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: munsi wina ukamatsika, wina umakhala m'mwamba, ndipo ikatsikira pamodzi chimanga chimamwazika. Lero ulira ndiwe, ine ndikugwirira ntchito. Mawa ndilira ndine, iwe undigwirira.

Pepala ndi limene linasintha zinthu. Mpingo unabweretsa ndondomeko ya mwambo, sukulu inabweretsa kulemba, ndipo m'tauni munachokera chimkuzamawu, matenti ndi nkhata za maluwa. Pa ndondomekoyo panapezeka mzere wakuti mbiri ya malemu, ndipo mzerewo umafuna munthu wa m'banja, wodziwa kuwerenga bwino pagulu. Usiku wa pa siwa akuluakulu akakhala pansi, maso awo amagwera pa mdzukulu. Amaganiza kuti ana a malemu ali ndi chisoni chachikulu, koma mdzukulu ali kutaliko pang'ono, ndiponso ndi wophunzira. Motero munthu amachotsedwa pamphasa ya olira n'kukaikidwa pa mzere wa ogwira ntchito, koma mtima wake watsala pamphasa pomwepo.

Ganizo lakuti mdzukulu ali kutaliko linali loona kale. Kwa ambiri amene ali ndi zaka za m'ma 30 lero, si loona konse. M'zaka za m'ma 1990, Edzi inatenga amayi ndi abambo m'midzi yathu, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ambiri atapita kale. Ana amene anatsala anakulira pa msana wa agogo. Agogo ndiwo ankapita kusukulu mphunzitsi akaitana kholo, ndiwo ankagulitsa nandolo kuti papezeke ndalama ya yunifolomu. Mdzukulu wotereyu akaimirira ndi pepala, akuika m'manda mayi ake kachiwiri, ndipo ulendo uno ndi wamkulu, akumva chilichonse.

Ndinaona zimenezi pa maliro ena ku Chiradzulu. Malemu anali mayi wa Mvano, wokalamba ndithu, ndipo mdzukulu amene anasankhidwa anali mphunzitsi wa pulayimale ku Blantyre. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 6. Malume ake, amene ndi mwini mbumba, anamuitana madzulo kuseri kwa nyumba.

"Iwe ndiwe wa sukulu, mwana wanga. Mbiri ya agogo ako uwerenga ndiwe mawa."

Iye anagwada n'kuyankha motsitsa mawu: "Ndamva, amalume. Koma ndikuopa kuti sindimaliza."

"Ulimba mtima basi."

Malumewo sananene molakwa, koma kulimba mtima si chinthu choti munthu angatole pansi n'kuika m'thumba. Chimene chinamuthandiza mtsikanayu ndi zimene anachita usiku umenewo, ndipo ndi zimene ndikufuna kuzifotokoza bwinobwino, chifukwa zikuonetsa pamene mwambiwu umagwira ndi pamene umatereka.

Poyamba anakhala ndi amayi ake aang'ono ndi agogo ena achibale, nyali ili pakati, kusonkhanitsa zoona za moyo wa malemu. Chiphaso cha unzika chimene anajambulitsa mu 2017 chinkati anabadwa mu 1940, koma onse ankadziwa kuti chakacho chinali chongoyerekeza. Chimene malemu ankanena okha chinali chakuti pa njala ya 1949 anali atakula moti ankabereka mng'ono wawo kumbuyo. Mdzukuluyo analemba zimenezo m'malo molimbana ndi tsiku lenileni. Analemba za ukwati wawo, za zaka zimene agogo aamuna anali ku migodi ya ku Joni iwo akulima okha, za chaka chimene anavala yunifolomu ya Mvano, za ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi. Atamaliza anakawerengera malume, chifukwa dzina limodzi likaiwalika pa mbiri, mkangano wake umatha zaka.

Ena amanyoza mbiri ya mtundu uwu kuti ndi youma: anabadwa, anakwatiwa, anabereka, anadwala, anamwalira. Ine ndimailemekeza. Kuuma kwakeko ndiko kumamupatsa wowerenga poponda. Zaka ndi maina a malo sizifinya khosi, ndipo munthu akayamba nazo amapeza mpata wozolowera kumva mawu ake akutuluka pa chimkuzamawu, mawondo n'kusiya kunjenjemera. Woyamba ndi mawu akuti "Agogo anga okondedwa, mwandisiyira yani?" wadzitsekera yekha njira asanayambe ulendo. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kunena za agogo ndi kulankhula ndi agogo. Ukamati "Agogo ankadzuka tambala woyamba," ukufotokozera anthu, ndipo mtima umakhala pambali pang'ono. Ukati "Agogo, munkadzuka tambala woyamba," wawaitana, waayang'ana m'maso, ndipo thupi lako likuyembekezera kuti ayankhe. Mtsikanayu anasunga kulankhula nawo kwa chiganizo chimodzi chokha, chomalizira, kuti ngati mawu angathere pamenepo, akhale kuti ntchito yatha kale.

Koma m'kati mwa mbiri youmayo muli msampha umene ambiri sauona. Mwambo wathu umafuna kuti tinene ana amene malemu anabereka, amene ali moyo ndi amene anatsogola. Pa pepala lake panalembedwa kuti agogo anabereka ana 9, amoyo ndi 4. Kwa omvera ndi masamu chabe. Kwa wowerengayo, mmodzi mwa asanu otsogolawo ndi mayi ake. Atawerenga pepalalo mokweza koyamba, kuseri kwa khola kumene kunalibe anthu, mawu anamuthera pa mzere umenewo. Analira, napukuta misozi, n'kuyambiranso. Anabwereza mpaka lilime linazolowera kudutsa pamenepo, ndipo pafupi ndi mzerewo anajambula kamtanda ndi cholembera, chizindikiro chakuti apa upume kaye usanalowe.

Kuwerenga mokweza n'kofunika chifukwa maso amanama. Munthu angawerenge pepala chamumtima kakhumi osagwetsa msozi, koma chiganizo chomwecho chikadutsa pakamwa n'kulowa m'makutu ake, chimamugwira. Ndiponso misozi imene yatuluka usiku pa mzere wina kawirikawiri imachepa mphamvu pa mzere womwewo m'mawa. Sikuti chisoni chatha. Kungoti mawuwo sakumudzidzimutsanso.

N'kwabwino kudziwa chimene chimachitika m'thupi mawu akamathawa, chifukwa wochidziwa sachiopa kwambiri. Mawu amapangidwa m'kholingo, pamene mpweya wotuluka m'mapapo ukudutsa pakati pa timinofu tiwiri timene timayandikana n'kumanjenjemera. Kuti mawu amveke osalala, mpweyawo uyenera kutuluka pang'onopang'ono, mosadukiza. Chisoni chikakwera, thupi limachita ngati lakumana ndi choopsa: mtima umathamanga, kupuma kumafupika, ndipo njira ya mpweya imatseguka kwambiri kuti mulowe wambiri. Tsono iwe ukufuna kulankhula ndi kumeza malovu, zimene zimafuna kuti njira yomweyo ichepe. Minofu ya pakhosi imakokana mbali ziwiri, ndipo ndicho chinthu chija timachimva ngati chatitsamwa. Pakhosipo palibe chimene chatsekapo. Ukalimbana nacho pokakamiza mawu, amatuluka opyapyala, kenako amaduka. Ukaima n'kutulutsa mpweya wonse pang'onopang'ono, n'kuulola kulowa wokha, kawiri kapena katatu, kenako n'kumwa madzi pang'ono, kukokanako kumamasuka. Kwa woimirirayo kachetechete ameneyu amaoneka wautali zedi, koma kwa omvera ndi kanthawi kochepa, ndipo pa maliro palibe amene amakhumudwa nako.

Zotsalazo ndi zing'onozing'ono, koma ndi zimene zimagwetsa anthu. Mtsikanayu anakopera mbiriyo ndi zilembo zikuluzikulu, ziganizo zazifupi, mzere uliwonse ganizo limodzi, chifukwa maso odzaza misozi saona zilembo zazing'ono, ndipo munthu akataya malo pa ndime yaitali amasokonezeka. Yonse inakwana tsamba limodzi ndi theka. Sanawerenge pa foni, imene imazima yokha ndipo padzuwa siioneka. Pepalalo analitsamiritsa pa buku la nyimbo, pakuti pepala lokha limavina m'manja onjenjemera, ndipo wowerenga akaliona likuvina mantha amawonjezeka. M'mawa anamwa tiyi ndi kudya mbatata ngakhale sankafuna, chifukwa munthu amene wachezera usiku osadya, akaima padzuwa, chizungulire chimamupeza chisoni chisanamupeze. Pali achinyamata ena amene amamwa pang'ono kuti alimbe mtima. Mowa umamasula misozi yomweyo imene akuithawa, ndi lilime lomwe.

Chinthu chachikulu koposa anachichita mbandakucha. Anapita kwa mnzake amene anabwera naye kuchokera ku Blantyre, mphunzitsi mnzake amene agogowo anangowaona kamodzi, n'kumupempha kuti akaime pambali pake. Anamupatsa pepala lachiwiri, nagwirizana kuti akangomugwira dzanja, mnzakeyo apitirize pomwe iye walekera, koma asanamugwire asalande. Sanasankhe mchemwali wake kapena msuweni woleredwa m'nyumba yomweyo, chifukwa awiri ovulala bala limodzi sanganyamulane. Wina akayamba kusisima, winayo amatsatira. Kenako anakagwada kwa mtsogoleri wa amayi a Mvano.

"Amayi, ndikakanika pakati, mundithandize ndi nyimbo."

"Usadandaule, mwana wathu. Ndime imodzi, kenako tikusiyira."

Apa ndi pamene ndinaona kuti mwambi uja sunamuiwale wowerenga mbiri. Iye anangochita chimene makolo ankachita kale: anapeza anthu oima pataliko ndi ululu wake, n'kuwagawira ntchito. Kusiyana n'kwakuti kale mudzi unkamukonzera munthu zimenezi osapempha, pamene lero ayenera kuzipempha yekha, ndipo ambiri amachita manyazi kupempha. Amaganiza kuti kupempha woima pambali n'kuvomereza kulephera zinthu zisanayambe. Komatu amene akudziwa kuti pepala lidzamalizidwa ngakhale iye atagwa, ndi amene kawirikawiri amalimaliza yekha, popeza theka la mantha ake lachoka.

Nthawi itakwana anaimirira. Sanayang'ane bokosi, kapena amayi ake aang'ono amene anali atafooka pamphasa. Anasankha mtengo wa mango umene unali kumbuyo kwa anthu, ndipo akadzutsa maso ankayang'ana umenewo. Anadutsa njala ya 1949, anadutsa migodi ya ku Joni. Atafika pa kamtanda kaja anaima, napuma, n'kunena za ana 9 ndi amoyo 4 ndi mawu otsika koma athunthu. Malo amene ankawaopa anawadutsa.

Anagwa pamene sankayembekezera. Anali atalemba kuti ali ku pulayimale, agogo ankamusungira mbatata m'phulusa kuti akaweruka aipeze yofunda, ndipo iwo ankati adya kale ngakhale asanadye. Usiku chiganizochi chinkamumwetulitsa. Masana amenewo, atangofika pa mawu akuti ankati adya kale, khosi linatseka. Zazikulu munthu amazikonzekera. Zimene zimapyoza ndi zazing'ono, zokhala ndi fungo ndi kutentha, chifukwa zimawabweretsa malemu amoyo pamaso pako. Anatsitsa chimkuzamawu kuchichotsa pakamwa, mapewa akugwedezeka. Mnzake anasendera pafupi koma sanatenge pepala, pakuti dzanja linali lisanamugwire. Amayi a Mvano, atavala zoyera ndi zakuda zawo, anayamba nyimbo motsitsa, ndipo amayi ambiri pamphasa analira naye momasuka. Ndime itatha anasiya monga analonjezera. Iye anamwa madzi, napukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kupitiriza. Chiganizo chomaliza chija, cholankhula ndi agogo, chinatuluka chothyokathyoka, ndipo amene anali kumbuyo sanachimve. Amene anali pafupi anamva kuti akuthokoza.

Kodi analephera? Funso limeneli ndi limene limawasowetsa tulo anthu usiku wa pa siwa, ndipo ine ndikuti ayi ndi mtima wonse. Mbiri inamveka yonse. Achinyamata amene ankawadziwa agogowo ngati nkhalamba yoyenda ndi ndodo anamva kuti inali nthawi ina mtsikana wobereka mng'ono wake m'chaka cha njala. Misozi ija sinachotse kanthu pa zimenezi. Kulira kumene kumaononga mbiri ndi kwina, ndipo kumadziwika. Munthu akapuma katatu kapena kanayi koma mpweya ukungolowa mothamanga osatuluka bwino, zala ndi milomo zikuchita dzanzi, m'maso mukuda, mawondo akulefuka, pamenepo si pofunika kulimbikira. Apereke pepala, akhale pansi pamthunzi, wina amugwire. Kukakamira pamenepo kumathera pa kukomoka pafupi ndi bokosi, ndipo mwambo wonse umatembenukira kwa iye. Kusisima kumene kumalola mawu amodzi kapena awiri kudutsa pakati kumatha kokha, ndipo woyendetsa mwambo wanzeru amadikira.

Si onse amene amadikira, ndipo apa mwambiwu umayamba kuonetsa malire ake. Ndaonapo pa maliro ena wowerenga atangoti kakasi pang'ono, woyendetsa mwambo n'kuthamangira kulanda chimkuzamawu, kwaya n'kuyamba nyimbo ya ndime zisanu, ndipo pamene ikutha ndondomeko yapita kale pa mawu a mfumu. Onse anachita mwachifundo, koma munthuyo anabwerera pamphasa ndi mawu ake m'mimba, ndipo mwayi umenewo subweranso. Kulirana kungasanduke kutsekana pakamwa. Nthawi zina timayamba nyimbo msanga chifukwa ife omvera ndi amene sitikupirira kuona munthu akulira ataimirira. Tinazolowera kulira kwa pamphasa, kwa anthu ambiri, kumene mawu a wina amabisala m'mawu a mnzake. Kulira kwa munthu mmodzi pamaso pa onse kumatichititsa manyazi, ndiye timakuphimba. N'chifukwa chake pangano lija la ndime imodzi ndi la kugwira dzanja linali lofunika: linasiya ulamuliro m'manja mwa wolirayo.

Palinso mbali ina yowawa. Mdzukulu wina amawerenga mbiri yonse maso ali gwa, mawu osagwedera, ndipo akamabwerera pamalo pake kumbuyo kumamveka manong'onong'o: mwana ameneyu ngouma mtima, tauni inamuononga, agogo ake anamulera koma taonani. Mwambi womwe uja wasanduka muyeso, ndipo misozi yasanduka msonkho woti aliyense aonetse kuti walipira. Wowerenga mbiri amapezeka pakati pa milandu iwiri: akalira, walephera ntchito; akapanda kulira, alibe chisoni. Komatu thupi la munthu amene wapatsidwa udindo limatha kutseka chisoni mpaka udindowo utatha, ndipo ena amene amaoneka ouma pa tsikulo ndi amene anasamalira wodwalayo miyezi yambiri kuchipatala, misozi yawo inathera m'makonde a kumeneko usiku, popanda mboni.

Akakhala mdzukulu wamwamuna, katundu amawonjezeka, pakuti iye anakula akumva kuti mwamuna salira. Pa siwa amakhala panja pamoto, kumene nkhani zimakhala za mvula ndi mitengo ya feteleza, ndipo sapeza mpata wobuma umene alongo ake amaupeza m'nyumba. Amafika pa chimkuzamawu ndi misozi yonse yosakhudzidwa. Uyu ndi amene agogo ankamutchula kuti amuna anga pomuseka, amene ankalowa m'nyumba mwawo osaodira n'kuvundukula mphika. Ubale wa agogo ndi mdzukulu kwathu kuno ndi wa nthabwala, womasuka kuposa wa kholo ndi mwana, ndipo mnyamata wotereyu angapeze thandizo m'menemo. Nkhani imodzi yoseketsa ya agogo, yaulemu, yodziwika kwa a m'mudzi, imachita zimene madzi amachita: anthu akaseka, iyenso amatulutsa mpweya, khosi n'kumasuka. Pa maliro a munthu amene wakalamba n'kuona zidzukulutudzi, kuseka kotere si mwano. Koma ngati misozi ibwerabe, amuna anzake ali ndi ngongole ya kuima naye osayang'ana kumbali.

Ndiye pali mafoni. Kale munthu akalira pa maliro, zinkathera pomwepo, m'maso mwa anthu amene analira naye. Lero pamene mdzukulu akuimirira, manja angapo amakwera m'mwamba. Ena ali ndi chifukwa chomveka: mchimwene ali ku Joni kapena ku Mangalande walephera kubwera, watumiza ndalama ya bokosi, ndipo akutsatira mwambo pa foni ali yekha m'chipinda. Ameneyo akulira nafe ndithu, ndipo mawu a mbiri ndi ake. Koma chithunzi chomwecho chimayenda pa WhatsApp kufika kwa anthu amene sanagone pa siwa, sanapereke chipepeso, sadziwa dzina la malemu. Amenewo sakulira nawo, akungoonerera, ndipo wowerenga amadziwa zimenezi pamene akuimirira. Mantha ake ena amachokera pamenepo. Banja lingamuchotsere mantha amenewa mosavuta: lisankhe munthu mmodzi wojambulira achibale akutali, ndipo woyendetsa mwambo apemphe ena onse kutsitsa mafoni mbiri ikamawerengedwa.

Malire aakulu a mwambiwu ali pa nthawi. Kulirana kwathu kuli ndi masiku ake. Nkhata zikayalidwa, anthu akasamba m'manja n'kudya, magalimoto a ku tauni amanyamuka, masamba amene anaikidwa pamsewu amachotsedwa, ndipo pakapita masiku ochepa achibale amabalalika. Wowerenga mbiri, amene anameza misozi yambiri kuti ntchito itheke, kawirikawiri amayamba kulira pamene ena onse amaliza. Mphunzitsi uja anabwerera ku Blantyre n'kulowa m'kalasi. Chisoni chinamupeza patapita milungu, mwezi utatha, atalandira malipiro n'kuyamba kupatula ndalama ya shuga ndi sopo ya agogo monga ankachitira mwezi uliwonse. Panalibe amayi a Mvano, panalibe mphasa. Mnzake uja ndiye anamupeza ali chomwecho n'kukhala naye mpaka madzulo. Mudzi unamubwereka pa tsiku lake lolira kuti aimirire m'malo mwa onse, koma mwambo wathu ulibe tsiku lomubwezera, ndipo amene anamusankha kawirikawiri amangokumbukira kuti anawerenga bwino. Malume amene anati ulimba mtima basi, ndi amayi aang'ono amene anakhala naye pa nyali, ndiwo oyenera kuimba foni mwezi ukatha n'kufunsa momwe akugonera.

Pepala lija asalitaye. M'mabanja ambiri ndi lokhalo limene linalembedwapo za moyo wa mayi amene sanapite kusukulu, ndipo achibale akadzagwirizana zomanga chiliza, wolemba pamwala adzafuna zaka zomwezo. Mdzukulu alikopere bwino mtima utakhala pansi, awonjezere zimene anazisiya poopa kuti sangazitchule pagulu, ndi maina a ana asanu aja mmodzimmodzi, kenako apereke kwa nyumba iliyonse ya mbumbayo.